Kusankha mango m'magiredi pogwiritsa ntchito zithunzi: zolakwika zobwerezabwereza ndi njira zozikonzera

Nyengo ya mango ikafika, kuyambira Novembala mpaka Januwale, magulu a alimi ndi ochita malonda a ku Zobwe, Mowatize, Makanga ndi Chifunde amajambula zipatso ndi foni n'kutumiza zithunzi kwa wogula wa mumzinda wa Tete kapena wa ku Beira kuti agwirizane giredi ndi mtengo galimoto isananyamuke. Ena amalowetsa zithunzizo mu pulogalamu imene imayeza kukula, mtundu ndi zipsera. Dandaulo limakhala limodzimodzi chaka ndi chaka, lakuti katundu amene pachithunzi anali Giredi 1 akafika amawerengedwa Giredi 2, kapena zipatso zabwinobwino zimatsitsidwa giredi zisanachoke n'komwe pamunda. Nthawi zambiri cholakwika sichikhala pa chipatso koma pa kajambulidwe, chifukwa kamera imalemba kuwala kumene kwafika pa galasi lake kuchokera pa mtunda umene yaima, ndipo ziwirizi zikasintha, chipatso chomwecho chimaoneka china.

Ndondomeko ili m'munsiyi yasanjidwa motsata chizindikiro chimene mukuona, ndipo pansi pa chizindikiro chilichonse zifukwa zalembedwa kuyambira chofala kwambiri.

## Muyezo umene tikutsata

Wogula aliyense ali ndi zofuna zake, koma ambiri amene amagulitsa ku masitolo akuluakulu amatengera muyezo wa mango wa Codex, bungwe la maiko loika miyezo ya zakudya, umene unakhazikitsidwa mu 1993. Muyezowu umagawa kukula potengera kulemera kwa chipatso, osati kutalika kwake:

- Gulu A: magalamu 200 mpaka 350
- Gulu B: magalamu 351 mpaka 550
- Gulu C: magalamu 551 mpaka 800

Pa Giredi 1, zipsera za pakhungu zobwera chifukwa cha kukhulana, kuwauka ndi dzuwa kapena utomoni wouma siziyenera kupitirira 3 cm² pa gulu A, 4 cm² pa gulu B ndi 5 cm² pa gulu C. Pa Giredi 2 malire ake ndi 5, 6 ndi 7 cm². Kuti muone kukula kwake m'maganizo, 3 cm² ndi banga lozungulira la masentimita 2 m'mimba mwake. Ngati wogula wanu ali ndi muyezo wina, aulembe papepala nyengo isanayambe, chifukwa palibe chithunzi chimene chingathetse mkangano wa anthu awiri amene akutsata miyezo yosiyana.

## Chizindikiro choyamba: zipatso zikuoneka zazikulu pachithunzi kusiyana ndi pa sikelo

Ili ndiye vuto limene limatayitsa ndalama zambiri, ndipo limapusitsa ngakhale anthu osamala, amene amaika lula pachithunzi chilichonse.

1. Lula ili pansi pamene chipatso chili pamwamba. Chinthu chimene chili pafupi ndi kamera chimaoneka chachikulu. Lula ikagona pa thebulo, imakhala kutali ndi kamera kuposa pakati pa bango, pamene pali potambalala pake penipeni. Tiyerekeze kuti foni ili masentimita 50 pamwamba pa thebulo, ndipo bango ndi lochindikala masentimita 8. Mzere wa m'mphepete umene kamera ikuona uli pafupifupi masentimita 4 kuchokera pa thebulo, ndiye kuti uli masentimita 46 kuchokera ku kamera. Tikagawa 50 ndi 46 timapeza 1.087, kutanthauza kuti bango la masentimita 11.5 lioneka ngati la masentimita 12.5. Kusiyana kwa sentimita imodzi kungaoneke kochepa, koma kulemera kumatsata kutalika, kutambalala ndi kuchindikala zonse pamodzi, choncho cholakwikacho chimachulukitsidwa katatu:

```
1.087 x 1.087 x 1.087 = 1.28
300 g x 1.28 = 384 g
```

Bango la magalamu 300, limene ndi la gulu A, lalembedwa m'gulu B, ndipo wogula akaliika pa sikelo adzaganiza kuti mwamunamiza dala.

Kuti mutsimikize kuti vuto ndi limeneli, jambulani bango limodzi kawiri, koyamba lula ili pa thebulo, kachiwiri mutaikweza pa kathabwa ka masentimita 4. Ngati muyezo wachiwiri watsika, mwalipeza. Kukonza kwake n'kukhomera lula pa kathabwako kuti nthawi zonse izikhala pa msinkhu wa pakati pa chipatso. Kukweza foni kumathandizanso koma sikumaliza: pa masentimita 100, bango lomwe lija la magalamu 300 liwerengedwa ngati la magalamu 339, limene likadali m'gulu A koma latsala pang'ono kutuluka.

2. Foni ikugwiridwa pamanja. Munthu amene wajambula makireti ambiri mkono umatsika osazindikira, ndipo zipatso za madzulo zimaoneka zazikulu kuposa za m'mawa. Fanizirani kutalika kwa lula pa chithunzi choyamba cha tsikulo ndi chomaliza. Ngati kwasiyana, mtunda ukusintha. Khomani chimango cha matabwa kapena nsungwi chokhala ndi malo oikapo foni, ndipo mtunda wake ulembedwe pa chimangocho.

3. Foni yapendekeka. Ikani pepala la A4, limene ndi masentimita 21 ndi 29.7, pa thebulo n'kulijambula. Ngati mbali imodzi ikuoneka yotambalala kuposa ya kutsidya kwake, kamera sikuyang'ana pansi molunjika, ndipo zipatso za mbali yotambalalayo zidzakwezedwa gulu.

4. Mthunzi ukuwerengedwa ngati gawo la chipatso. Izi zimachitika makamaka ndi pulogalamu, ndipo zimadziwika poti mzere umene yajambula mozungulira chipatso umatuluka mbali imodzi yokha. Kuwala kukhale kochokera mbali zonse, monga mmene tifotokozere pa chizindikiro chachiwiri.

5. Sikelo ndiye yolakwa. Sizichitika kawirikawiri, koma musanatsutse zithunzi ikani paketi yosatsegula ya shuga ya kilogalamu imodzi pa sikelo yanu ndi pa ya wogula.

Pali malire amene kukonza kulikonse sikungawachotse. Chithunzi chojambulidwa kuchokera pamwamba chimaonetsa kutalika ndi kutambalala koma osati kuchindikala, ndipo mango a makolo athu, amene ena ndi aphwatalala pamene ena ndi obulungira, amasiyana kulemera ngakhale akuoneka ofanana. Chipatso chilichonse chimene chithunzi chachiika pafupi ndi malire, mwachitsanzo pakati pa magalamu 320 ndi 380, chipite pa sikelo. Ine ndimaona kuti gulu la alimi limene lili ndi sikelo ya manambala lingachite bwino kujambula chipatso chili pa sikelopo nambala ikuoneka, n'kusiyira chithunzi ntchito ya mtundu ndi zipsera yokha.

## Chizindikiro chachiwiri: mtundu ukusintha, chipatso chomwecho m'mawa n'chobiriwira, masana n'chachikasu

1. Kuwala kukusintha ndipo foni ikudzikonzera yokha. Dzuwa la m'mawa ndi la madzulo limafiiritsa zinthu, mthunzi wa pansi pa thambo loyera umaonjezera kubiriwira konga kwa thambo, ndipo mthunzi wa pansi pa mtengo wa mango umapaka chilichonse kubiriwira kwa masamba. Ku mapiri a Angonia ndi Tsangano mitambo imabwera n'kupita m'mphindi zochepa m'nyengo ya mvula, pamene ku chigwa cha Zambezi dzuwa la masana limawala mopyola mpaka khungu la chipatso kuyera mbee pachithunzi. Foni imayesa kukonza zonsezi mwa kulingalira chimene chili choyera, ndipo ikaona chithunzi chodzaza ndi mango achikasu imaganiza kuti kuwala ndiko kwachikasu, ndiye imachepetsa chikasucho.

Njira yoyesera ndi kuika kapepala koyera kapena kotuwa, kosanyezimira, pa ngodya ya chithunzi chilichonse. Ngati kapepalako kakuoneka kachikasu pa chithunzi china n'kuoneka konga thambo pa chinzake, mtundu wa zipatso pa zithunzi ziwirizo sungafanizidwe. Kukonza kwake kuli motere:

- Jambulirani pamalo amodzi a mthunzi wa denga, monga pakhonde, kapena pansi pa nsalu yoyera yokungidwa pamwamba pa chimango.
- Musajambulire pansi pa tenti yapulasitiki ya mtundu, chifukwa mtundu wake umagwera pa zipatso.
- Ngati kamera ili ndi gawo lolembedwa Pro kapena Manual, ikani WB, imene imakonza mtundu wa kuwala, pa 5000K kapena 5500K ndipo musasinthenso tsiku lonse.
- Ngati gawolo mulibe, mafoni ambiri amakhoma kuwala mukadina pa sikirini n'kugwirira chala mpaka patatuluka chizindikiro cha loko kapena mawu akuti AE/AF Lock. Dinani pa kapepala kotuwa kaja, osati pa chipatso.
- Mukajambula usiku, gwiritsani ntchito mababu a mtundu umodzi okhaokha, osasakaniza loyera ndi lachikasu.

2. Pansi pamene mwaika zipatso n'poyera kwambiri kapena pakuda kwambiri. Thumba loyera la ufa limachititsa kamera kuchepetsa kuwala, ndipo zipatso zimada ngati zosakhwima. Pulasitiki yakuda imachita zosiyana, zipatso zimawala mopyola n'kuoneka zakupsa. Chitenje cha maluwa chimasokoneza zonse ziwiri, mtundu ndi mzere wa m'mphepete. Bolodi lopakidwa penti yotuwa yosanyezimira ndilo labwino, ndipo kwa ogwiritsa ntchito pulogalamu nsalu ya buluu imathandiza chifukwa palibe bango la mtundu umenewo.

3. Foni ikukometsera chithunzi. Mafoni ambiri amaonjezera kuwala kwa mitundu akazindikira chakudya kapena zomera. Zimitsani HDR, zosefera zonse, ndi chilichonse cholembedwa AI kapena Scene pa kamera.

4. Zithunzi zachokera m'mafoni osiyana, kapena zikuonedwa pa masikirini osiyana. Gulu lisankhe foni imodzi yojambulira nyengo yonse. Wogula nayenso azimitse chosefera cha usiku chimene chimachititsa sikirini kuoneka yachikasu.

5. Mtundu wa khungu sukunena za kupsa. Apa chithunzi chingakhale cholondola koma womasulira ndiye walakwa. Kufiira kwa mango a mtundu wa Tommy Atkins kumabwera chifukwa cha dzuwa limene linamenya mbali imeneyo pa mtengo, ndipo bango lofiira kwambiri likhoza kukhala losakhwima m'kati. Keitt amakhalabe wobiriwira ngakhale atapsa, ndipo Kent nayenso sasintha kwambiri. Pulogalamu kapena munthu amene anazolowera mtundu umodzi adzaika Keitt wakupsa m'gulu la osakhwima. Mtundu wa mango ulembedwe pa kapepala ka m'chithunzi, mitundu isasakanizidwe mu kireti imodzi, ndipo pa katundu aliyense dulani zipatso zingapo n'kujambula mnofu wake, chifukwa chikasu cha m'kati pafupi ndi nthanga ndicho chimasonyeza kukhwima.

## Chizindikiro chachitatu: zipatso zabwino zikulembedwa kuti zili ndi zipsera

Vuto ili n'losavuta kuthetsa ndipo silifuna mawu ambiri.

1. Kunyezimira. Fulashi, dzuwa lolunjika kapena khungu lonyowa zimasiya banga loyera limene limaoneka ngati kuwauka ndi dzuwa. Tembenuzani chipatso pang'ono n'kujambulanso. Chipsera chenicheni chimayenda ndi chipatso, pamene kunyezimira kumatsala pamalo pake. Zimitsani fulashi ndipo dikirani zipatso ziume mukazitsuka.
2. Fumbi ndi matope. Mango a m'mbali mwa msewu, makamaka kufupi ndi migodi ya malasha ku Mowatize, amagwira fumbi lakuda limene pachithunzi limafanana ndi matenda. Pukutani ndi nsalu yonyowa; chimene chachoka sichinali chipsera.
3. Timadontho tachibadwa ta khungu. Mango ali ndi timabowo topumira timene timaoneka ngati timadontho toyera kapena tachikasu. Timeneti si chilema, koma pulogalamu imene yakhwimitsidwa kwambiri imatiwerenga. Ikonzedwe kuti izisiya madontho ochepera milimita imodzi kapena awiri, podziwa kuti kuteroko kubisanso mabowo oboola ntchentche za zipatso, amene ayenera kufufuzidwa ndi maso.
4. Mthunzi wa pa kaphesi kapena pakati pa zipatso zogundana. Siyani mpata wa zala ziwiri pakati pa chipatso ndi chinzake.
5. Galasi la kamera lada. Ngati banga likuoneka pamalo amodzimodzi pa zithunzi zonse, lili pa foni.

## Chizindikiro chachinayi: pachithunzi zinali zosalala, koma zafika zili ndi mawanga

Apa ndi pamene maubwenzi a malonda amathera, chifukwa mbali iliyonse imakhala ndi umboni wake, wina chithunzi, wina chipatso chili m'manja.

1. Mbali imodzi yokha ndiyo inajambulidwa. Kamera imaona mbali imodzi, ndipo dzanja la munthu, ngakhale wosafuna kunama, limakonda kugoneka chipatso mbali yokongola ili kumwamba. Jambulani mbali zonse ziwiri popanda kusintha malo a zipatso pa bolodi, kenako chithunzi chachitatu choonetsa pa kaphesi, pamene utomoni ndi kuola zimayambira. Zipatso zojambulidwa zichokere pamwamba, pakati ndi pansi pa kireti, osati pamwamba pokha.

2. Chipsera chinali m'mphepete. Khungu la bango n'lokhota, choncho banga limene lili pa mbali yopendekeka limaoneka lopanikizika. Pamene khungu lapendekeka madigiri 60 kuchoka moyang'anana ndi kamera, banga limaoneka theka la kukula kwake, ndiye kuti la 5 cm² pa bango la gulu A, limene ndi la Giredi 2, lidzayezedwa 2.5 cm² n'kudutsa ngati Giredi 1. Chipsera chilichonse chimene chikuyezedwa chiyang'anitsidwe ku kamera molunjika. Pothandizira, dulani timapepala tozungulira ta masentimita 2, 2.3 ndi 2.5 m'mimba mwake, timene ndi pafupifupi 3, 4 ndi 5 cm², n'kumatiika pa banga lokayikitsa.

3. Chithunzi chinachepetsedwa potumiza. Foni ikajambula bolodi la masentimita 60 ndi mapikiselo 4000, milimita imodzi imatenga mapikiselo pafupifupi 7. WhatsApp, potumiza mwachizolowezi, imachepetsa chithunzi kufika pa mapikiselo pafupifupi 1600, ndipo milimita yomweyo imatsala ndi mapikiselo awiri kapena atatu osalongosoka. Timabowo ndi timadontho toyamba ta matenda timasowa pamenepo. Tumizani chithunzi posankha Document, kapena Documento ngati foni ili m'Chipwitikizi. Kumene netiweki ili yofooka, ndi bwino kujambula zipatso zochepa pa chithunzi chimodzi kusiyana ndi kudzaza bolodi lonse. Poyesera, kulitsani chithunzi pa foni ya wolandira. Ngati mizere ya mamilimita pa lula sikuwerengeka, chithunzicho sichingaweruze zipsera.

4. Chilema chinali chisanatuluke pa nthawi yojambula. Utomoni umene umatuluka pothyola umawotcha khungu, koma mizere yoderapo imaoneka bwino patapita maola ambiri kapena tsiku. Kunyuka kwa chipatso chimene chinagwa pansi kapena kugwetsedwa ndi ndodo nakonso kumachedwa kuoneka. Matenda a madontho akuda otchedwa antirakinozi amalowa chipatso chikadali pa mtengo, makamaka mvula ikamagwa, ndipo amabisala mpaka chipatso chitayamba kupsa. Mango othyoledwa mu Januwale ali obiriwira osalala akhoza kudzaza mawanga akuda olowa m'kati patangopita masiku ochepa, ndipo kutentha kwa mumzinda wa Tete kumafulumizitsa kupsako. Palibe kamera ya foni imene ingaone zimenezi zisanatuluke. Chimene mungachite ndi kuthyola ndi kaphesi kotalikirapo, kukadula pambuyo pake chipatso chitazondoka kuti utomoni udonthere pansi, kujambula tsiku lotsatira m'malo mwa tsiku lothyola, ndi kusunga zipatso zingapo za katundu aliyense mpaka zitapsa. Ngati zosungidwazo nazonso zatuluka mawanga, vuto linachokera ku munda. Ngati zapsa zosalala, funsani za ulendo.

5. Zinaonongeka pa msewu. Matumba ndi madengu odzaza mopyola amakhulitsa zipatso, ndipo kireti ya pamwamba pa galimoto yopanda chophimba imawauka ndi dzuwa. Zipsera za ulendo zimakhala zatsopano, zosauma, ndipo zimapezeka pamene zipatso zimagundana. Wogula ajambule katundu akangofika, pa bolodi ndi kuwala kofanana ndi kwanu, kireti iliyonse ili ndi nambala yake yomwe ija.

## Chizindikiro chachisanu: anthu awiri akupereka magiredi osiyana pa chithunzi chimodzi

Ngati zonse za pamwambazi zakonzedwa, chotsala chimakhala chakuti alibe chofanizira chimodzi. Kumayambiriro kwa nyengo, inu ndi wogula sankhani pamodzi zipatso zimene zili pa malire enieni a giredi iliyonse, zijambulidwe pa chimango chanu, ndipo zithunzizo zikhale m'mafoni a onse. Zithunzi za zipatso zokongola kwambiri kapena zoola kwambiri sizithandiza, popeza palibe amene amatsutsana pa zimenezo. Kumbukiraninso kuti muyezo wa Codex umalola kuti zipatso 10 pa 100 za m'Giredi 1 zikhale zosafika pa giredi imeneyo malinga ngati zikukwanira Giredi 2, choncho bango limodzi lokayikitsa m'kireti ya zipatso 20 si chifukwa chotsitsira kireti yonse.

Kwa ogwiritsa ntchito pulogalamu, yesani motere sabata iliyonse: tengani zipatso 20, ziyezeni pa sikelo n'kuzipatsa giredi ndi maso, kenako zidutseni pa pulogalamu. Zikasiyana zoposa ziwiri, onani ngati zolakwikazo zapendekera mbali imodzi. Zikakhala kuti zonse zakwezedwa kapena zonse zatsitsidwa, vuto lili pa chimango kapena kuwala. Zikakhala zobalalika, kapena zikugwera pa mtundu umodzi wa mango, ndiye kuti pulogalamuyo inaphunzitsidwa ndi zithunzi za mitundu ina, ndipo inu simungaikonze pamunda.

## Pamene muyenera kusiya ndi kuitana katswiri

- Mukadula chipatso n'kupeza mphutsi, kapena mukuona timabowo tofewa totuluka madzi. Izi ndi ntchentche za zipatso, ndipo mtundu wake woononga kwambiri unapezeka koyamba mu Mozambiki mu 2007 ku Kuwamba, m'chigawo cha Niyasa. Musatumize katunduyo. Tolani zipatso zonse zakugwa n'kuzikwirira mozama kapena kuzitsekera m'thumba lakuda lapulasitiki padzuwa, ndipo itanani mlangizi wa zaulimi wa ku SDAE, ofesi yoona za chuma ndi ulimi m'boma lanu.
- Zipatso zosungidwa zikutuluka mawanga akuda pa katundu wotsatizana, kapena zikuola kuyambira pa kaphesi. Mlangizi aone mitengo. Musapopere mankhwala pa zipatso zothyola kale popanda malangizo ake.
- Mukaswa nthanga n'kupeza kachilombo m'kati. Nankafumbwe wa m'nthanga za mango saoneka kunja, ndipo misika ina ya kunja imakana katundu yense chifukwa cha iyeyu.
- Katundu akuwoloka malire pa Zobwe kapena Kalomwe, kapena akupita kunja kudzera ku Beira. Zithunzi sizilowa m'malo mwa kuyendera kwa oyang'anira zaumoyo wa zomera ndi chikalata chawo.
- Masikelo awiri akusiyana ngakhale pa paketi ya shuga. Apite kwa wokonza masikelo, ndipo malonda a tsikulo ayendere sikelo yachitatu imene nonse mwagwirizana.
- Zithunzi zikutuluka za chifunga kapena za mbali imodzi yosaoneka bwino ngakhale mwapukuta galasi. Fumbi kapena chinyontho chalowa m'kati mwa kamera; musatsegule nokha, pitani nayo kwa wokonza mafoni, ndipo foni imene ilowe m'malo mwake iyambe yayesedwa ndi pepala la A4, lula ndi kapepala kotuwa isanajambule katundu.
- Pulogalamu ikulakwitsa pa mtundu umodzi wa mango. Tumizani kwa amene anaipanga zithunzi zosachepetsedwa pamodzi ndi kulemera ndi giredi imene munapeza pamanja, ndipo mtundu umenewo muziusankha ndi maso ndi sikelo mpaka atakonza.